Mmisiri amene amakonza mzere kuti mawu asadukeduke

Foni yoyendera intaneti imaduladula mawu a munthu n'kumawatumiza m'timapaketi, 50 pa sekondi iliyonse. Ikamagwiritsa ntchito njira yofala kwambiri yosungira mawu, yotchedwa G.711, kapaketi kalikonse kamanyamula mawu a mamilisekondi 20 okha, ndipo milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Mawuwo amatenga mabaiti 160, adiresi ndi zina zolondolera njira zimatenga mabaiti 40, zonse pamodzi 200. Tikawonjeza chikuto cha pa chingwe cha mu ofesi, munthu mmodzi akamalankhula amadya makilobiti 87.2 pa sekondi. Zimenezi n'zochepa kwambiri. Chithunzi chimodzi cha pa foni yam'manja chikhoza kulemera kuposa mphindi zingapo za kukambirana.

Vuto la mawu si kukula, koma kusapirira. Fayilo ikachedwa ndi theka la sekondi palibe amene amadziwa, ndipo paketi yake ikatayika kompyuta imangoitumizanso. Paketi ya mawu siitumizidwanso, chifukwa pofika nthawi yoti ibwerezedwe n'kuti wolankhulayo ali pa chiganizo china. Bungwe la ITU, mu chikalata chake cha G.114, limalangiza kuti mawu asapitirire mamilisekondi 150 kuchoka pakamwa pa wolankhula kufika m'khutu la womvera. Kupyola pamenepo anthu amayamba kudulana mawu, kenaka onse n'kukhala chete nthawi imodzi, aliyense akudikira mnzake.

Tiyerekeze ofesi ya kuboma lina, ya anthu makumi angapo, yolumikizidwa ku likulu lake ndi laini ya mamegabiti 4 pa sekondi. M'mawa mafoni amamveka bwinobwino. Masana kalaliki akayamba kutumiza mafomu ojambula ku likulu, madandaulo amayambika. Tiwerengere limodzi chimene chikuchitika. Paketi yodzaza ya fayilo ndi mabaiti 1,500, kapena kuti mabiti 12,000, ndipo pa laini ya mamegabiti 4 imatenga mamilisekondi 3 kuti ituluke. Kompyuta yotumiza fayilo siidziwa kukula kwa laini. Imangowonjezera liwiro mpaka itamva kuti paketi yatayika, ndiye pamenepo imabweza moto pang'ono n'kuyambiranso kukwera. Mapaketi amene alephera kutuluka amadikira pamzere m'modemu. Modemuyo ikakhala yosunga mapaketi 100, mzere ukadzaza ndiye kuti aliyense wobwera kumene adikira mamilisekondi 300. Kapaketi ka mawu kamafola kumbuyo kwa onsewo, ndipo malire a 150 aja apyoledwa kawiri kasanachoke n'komwe pa ofesi.

Choipa kwambiri n'chakuti mzerewo sukhala wofanana. Umatalika, kufupika, kutalikanso, motero timapaketi timene tinanyamuka motalikirana bwino, mamilisekondi 20 aliwonse, timafika mosokonekera: tina mounjikana, tina mochedwa. Foni yolandira imasunga mawu kwa kanthawi kochepa kuti iwasalaze isanawatulutse, koma kapaketi kofika nthawi yake itadutsa kamatayidwa ngati kuti sikanafike. Apa ndi pamene pamachokera mawu odukaduka aja.

Mmisiri wodziwa ntchito asanagwire chida chilichonse amafunsa funso limodzi: «Abwana, amene sakumva bwino ndi inu kuno, kapena anzanu a uko?» Laini ili ndi mbali ziwiri, yopita ndi yobwera, ndipo iliyonse ili ndi mzere wake. A ku likulu akamadandaula kuti «mukudukaduka» pamene a pa ofesi akumva zonse bwino, ndiye kuti yathinana ndi mbali yotuluka. Funso limeneli lokha limadula ntchito pakati.

Abwana ambiri amafuna kungogula laini yaikulu. Sikuti siithandiza konse: pa mamegabiti 8 mzere womwe uja wa mapaketi 100 umatha m'mamilisekondi 150 m'malo mwa 300. Koma kompyuta ija idzakwera liwiro mpaka kudzadza laini yatsopanoyo, ndipo ndalama zalipidwa kawiri pogula vuto lomwelo, longochepako. Mmisiri amaganiza monga woyendetsa chigayo wanzeru. Pamzere pali anthu a matumba a makilogalamu 50, ndiye pafika mwana ndi kambale ka chimera. Kumulowetsa patsogolo sikuchedwetsa a matumba kwenikweni, pamene kumuimika kumbuyo n'kumutayitsa tsiku lonse. Komabe thumba limene lathiridwa kale m'chigayo silingatulutsidwe, ndipo aliyense akayamba kunena kuti lake ndi kambale, chisomocho chatha ntchito. Luso lonse lagona pa mfundo zimenezi: kuzindikira kapaketi ka mawu, kukadutsitsa, ndi kuika malire.

Kuzindikirako kumachitika ndi chidindo. Kuyambira mu 1981, mutu wa paketi ya intaneti unali ndi baiti imodzi yosonyeza mtundu wa chisamaliro chimene paketiyo ikufuna, koma ambiri sankaigwiritsa ntchito. Mu Disembala 1998, Kathleen Nichols ndi anzake anaikonzanso mu chikalata cha RFC 2474: mabiti 6 oyambirira anasanduka chidindo chotchedwa DSCP. Chaka chotsatira, Van Jacobson, Nichols ndi Kedar Poduri analongosola chisamaliro cha mapaketi osafuna kuchedwa, chotchedwa EF, ndipo nambala yake ndi 46. Chimene ndimagoma nacho pa nzeru imeneyi n'chakuti rauta siyenera kukumbukira kuti ndani akuimbira ndani. Imangoyang'ana mabiti 6, n'kudziwa mzere woikapo paketi. Anthu akhale 10 kapena 10,000, ntchito yake ndi yomweyo.

Mafoni ambiri a pa desiki amadinda okha 46 pa mapaketi awo a mawu. Koma pali dzenje limene ophunzira amagweramo kawirikawiri. Zida zina zimafunsa nambala ya DSCP, zina zimafunsa baiti yonse. Popeza mabiti 6 aja amakhala kumanzere kwa baiti, 46 akalembedwa m'baiti yonse amakhala 184, kapena `0xb8`. Munthu akalemba 46 pamalo pofuna 184, chidindo chimene chimatuluka ndi 11, nambala imene mzere wa mawu suidziwa. Iye amachoka ali wokhutira kuti wakonza, pamene mawu akufolabe ndi mafayilo. N'chifukwa chake mmisiri weniweni sakhulupirira zimene walemba. Amakola paketi pa chingwe ndi `tcpdump -v` kuti aone ndi maso ake mawu akuti `tos 0xb8`.

Amasankhanso malo amene chidindo chiyambire kukhulupiriridwa. Kompyuta iliyonse ikhoza kudzidinda 46, ndipo wina wochenjera akatero ndi mafilimu ake, mawu a anthu onse avulala. Choncho pa swichi, pamene chingwe cha chida chilichonse chikulowa, chidindo cha foni chimalandiridwa ndipo cha kompyuta chimafufutidwa. Maswichi akale a Cisco Catalyst anali ndi khalidwe limene linapusitsa amisiri ambiri: ukangolemba `mls qos`, swichi imayamba kufufuta zidindo zonse n'kuika 0, mpaka utaiuza pa chingwe chimodzichimodzi kuti ikhulupirire. Kuyatsa chisamaliro kunkachotsa chisamaliro chimene chinalipo.

Tsono chidindo pachokha sichifulumizitsa kanthu. Ndi chizindikiro chabe, chodikira wina woti achilemekeze. Ndipo apa ndi pamene mmisiri wa m'mabuku amasiyanirana ndi wa m'manja.

Mu ofesi yathu ija, rauta yalumikizidwa ku modemu ndi chingwe cha mamegabiti 1,000 pa sekondi, pamene laini yogulidwa ndi ya mamegabiti 4. Kwa rauta, msewu ndi wotakasuka nthawi zonse: paketi iliyonse ikafika imatuluka pompopompo, ndipo mzere supangika. Pamene palibe mzere palibenso woti n'kudutsitsidwa patsogolo. Mzere weniweni uli m'modemu, chida cha kampani yogulitsa laini, chimene kawirikawiri sichisamala za zidindo ndipo mmisiri alibe kiyi wake. Munthu akhoza kulemba malamulo okongola a mizere pa rauta, osalakwitsa ngakhale chilembo chimodzi, koma osasintha kalikonse.

Njira yake imaoneka ngati yobwerera m'mbuyo. Mmisiri amachedwetsa dala rauta yake, n'kuilamula kuti isatulutse zoposa mamegabiti 3.8 pa sekondi, pansi pang'ono pa 4 amene ofesi ikulipira. Popeza tsopano modemu ikulandira zochepera zimene ingathe kutumiza, mzere wake umauma. Mapaketi otsala amadikira mu rauta, momwe mmisiri ali ndi ulamuliro. Wataya magawo 5 pa 100 a laini, koma wasamutsira mzere m'manja mwake. Kwa ine, pa ntchito yonseyi palibe chanzeru kuposa chimenechi, ndipo n'chimene chimavuta kwambiri kufotokozera abwana, amene amangomva zoti mmisiri wachepetsa liwiro limene iwo agula.

Pa rauta ya Cisco zonsezi zimakwana m'mizere yochepa:

```
class-map match-all MAWU
 match dscp ef
policy-map MKATI
 class MAWU
  priority 900
 class class-default
  fair-queue
policy-map KUNJA
 class class-default
  shape average 3800000
  service-policy MKATI
interface GigabitEthernet0/1
 service-policy output KUNJA
```

Lamulo lakunja, `shape average`, ndi lochedwetsa lija. Lamkati limagawa mapaketi odikirawo pawiri. Okhala ndi chidindo cha EF amapita pamzere wa `priority`, umene rauta imayamba yautha isanayang'ane kwina kulikonse. Ena onse amagawana chotsala mwachilungamo, kuti fayilo imodzi yaikulu isatsekereze makalata ang'onoang'ono.

Nambala ya 900 sinabwere mongolota. Ofesi yagwirizana kuti anthu olankhula nthawi imodzi asapitirire 10. Tikachulukitsa 87.2 ndi 10 tipeza makilobiti 872, ndipo mmisiri wasiya kampata kakang'ono pamwamba. Wolakwitsa amawerengera 64 pa munthu, kuiwala kuti adiresi nayo imadya malo, ndiye amalemba 640 n'kumadabwa kuti anthu akafika 8 mawu ayamba kuduka. Nambalayi ilinso pansi pa gawo limodzi mwa magawo 3 a laini, malire amene a Cisco akhala akulangiza kuti mzere wa patsogolo usapyole, kuopera kuti ntchito zina zingafe ndi njala.

Pakuti 900 si lonjezo lokha, ndi mpandanso. Laini ikathinana, chilichonse chopitirira 900 pa mzere wa mawu chimatayidwa, sichisungidwa. Poyamba zimamveka ngati nkhanza kutaya mapaketi omwewo amene tikuwateteza. Koma kuwasunga kukanatanthauza kupanga mzere mkati mwa mzere wa mawu, ndipo taona kale kuti kapaketi kochedwa n'chimodzimodzi kotayika. Mpandawo umatetezanso ofesi ku kompyuta yodzidinda yokha ija, imene ikanameza laini yonse.

Mpanda umenewu uli ndi mtengo wake. Munthu wa nambala 11 akanyamula foni, mawu onse amafika pa makilobiti 959, kupyola mpanda ndi 59. Rauta siidziwa kuti wobwera mochedwa ndani. Imataya pafupifupi kapaketi kamodzi pa 16 alionse, mosasankha, ndipo anthu onse 11 amadukaduka limodzi. Mzere sungathetse zimenezi. Amene angazithetse ndi makina olumikiza mafoni, amene ayenera kuuzidwa kuti akafika 10 akane wotsatira kapena amudutsitse njira ina. N'kwabwino mmodzi amve kuti laini yatanganidwa kusiyana n'kuti 11 azikuwirana «halo». Mmisiri amene wakonza rauta n'kusiya mbali imeneyi wagwira theka la ntchito.

Pali kuchedwa kumodzi kumene ngakhale mzere wa patsogolo sungachotse. Kapaketi ka mawu kakafika paketi yaikulu itayamba kale kutuluka, kayenera kudikira kuti ithe. Pa laini yathu ndi mamilisekondi 3 okha, osadetsa nkhawa. Pa malaini akale a makilobiti 64 paketi yomweyo inkatenga mamilisekondi 187.5, ndipo amisiri a nthawi imeneyo ankachita kubenthula mapaketi aakulu kuti mawu aloweko pakati. Masiku ano luso limenelo silifunikanso kwenikweni. Chotsala n'chakuti mawu amene ankadikira 300 tsopano akudikira mamilisekondi owerengeka pa zala, pamene fayilo ya kalaliki ikufika pafupifupi nthawi yomwe inkafikira kale.

Mmisiri wabwino sayesa ntchito yake madzulo anthu ataweruka, pamene laini ili pululu ndipo chilichonse chikuyenda. Amaidzadza dala ndi fayilo yaikulu, kenaka pa kompyuta ya Linux yolumikizidwa pamalo pamene chidindo chikukhulupiriridwa amatumiza `ping` ziwiri ku seva imodzi: ina wamba, ina yodinda ndi `ping -Q 0xb8`. Zinthu zikakhala bwino, yodindayo imabwera pafupifupi monga momwe imabwerera laini ikakhala yopanda kanthu, pamene inzake ikutsalira. Zonse zikatupa mofanana, ndiye kuti chidindo chafufutika panjira kapena mzere udakali m'modemu. Kuti adziwe chenicheni mwa ziwirizi, amalemba `show policy-map interface` pa rauta. Chiwerengero cha mapaketi a MAWU chikakhala pa 0 anthu akulankhula, vuto ndi chidindo, ndipo amabwerera ku swichi. Chikamakwera koma mawu akudukabe, amayang'ana mzere wa `b/w exceed drops`: nambala yokwera pamenepo ikutanthauza kuti mpanda wachepa kapena wina akulowa mozemba. Zonsezo zikakhala bwino koma vuto lilipobe, ndiye kuti 3.8 uja wakwera kuposa chimene laini ikuperekadi, ndipo amamutsitsa pang'onopang'ono mpaka kuchedwako kutagwa. Malaini a wayilesi amavuta pamenepa, chifukwa liwiro lawo limasinthasintha, ndiye mmisiri amayenera kuyeza potengera nthawi imene laini ili pa umphawi, osati imene ili pa chikondwerero.

Ndimalemekezanso mmisiri amene amanena poyera pamene mphamvu zake zathera. Rauta imalamulira zotuluka zokha. Zobwera zimafola ku mbali ya kampani yogulitsa laini, ndipo pofika pa ofesi n'kuti kuchedwa kwachitika kale. Laini ikakhala yapakati pa nthambi ndi likulu, ntchito yomweyi iyenera kugwiridwa mbali zonse ziwiri. Ikakhala ya intaneti wamba, chimene chingatheke n'kuchedwetsa zobwera mpaka pansi pa liwiro la laini kuti makompyuta akutali abweze moto okha, ndipo njira imeneyi imafuna kutaya gawo lokulirapo. Chidindo nachonso sichiyenda ulendo wautali: makampani ambiri amachifufuta kapena kuchinyalanyaza paketi ikangolowa kwawo, pokhapokha pali mgwirizano. Ndipo laini ikakhala ya satelaiti yoima pa makilomita 35,786 pamwamba pa dziko, kukwera ndi kutsika kokha kumadya mamilisekondi pafupifupi 240. Mzere ungachotse kudukaduka, koma kuchedwa kumeneko palibe lamulo limene lingakufupikitse.

Pa wayifayi pali chinthu china chodabwitsa. Zida zambiri zakhala zikungowerenga mabiti 3 oyambirira a chidindo, ndipo pa 46 mabiti amenewo amapereka 5, nambala imene pa wayifayi ndi ya gulu la kanema, osati la mawu. Chikalata cha RFC 8325 cha mu 2018 chinabwera kudzawongola zimenezi, koma zida zakale zidakali m'maofesi. Foni ya pa desiki ikatheka kuikidwa pa chingwe, iikidwe pa chingwe.

Nichols ndi Jacobson omwe aja sanalekere pa zidindo. Mu 2012 anatulutsa CoDel, njira imene siwerenga kuchuluka kwa mapaketi pamzere koma nthawi imene akhalapo, ndipo imayamba kutaya ena kudikira kukakhalitsa pamwamba pa mamilisekondi 5. Pa maziko amenewo panamangidwa `fq_codel` ndi `cake` za mu Linux, zimene zimapatsa kukambirana kulikonse mzere wakewake n'kudutsitsa msanga amene akutumiza zochepa. Mawu, pokhala aang'ono, amapindula ngakhale alibe chidindo. Pa ofesi yaing'ono ya rauta yotsika mtengo yoyendera Linux, mzere umodzi ukhoza kukwanira:

```
tc qdisc replace dev eth0 root cake bandwidth 3800kbit diffserv4
```

Onani kuti 3800 uja alipobe. Zida zasintha, koma palibe chimene chamasula mmisiri ku udindo woyeza laini ndi kukokera mzere pamene iye angaufikire.

Inu amene mumasainira ndalama za ofesi, mafoni akayamba kudukaduka musathamangire kugula laini yaikulu. Yambani mwaitana mmisiri, mumuuze adzadze laini imene ilipoyo inu mukuona, ndipo akuonetseni `ping` ziwiri zija pa sikirini. Akalephera kukuuzani kuti mzere uli mu rauta kapena m'modemu, funani wina.